Kusiya choko ku Mangochi: ntchito iti ingakulandireni ndi luso limene muli nalo kale?

Mphunzitsi akaganiza zosiya kalasi, mawu amene amamva kwambiri ndi akuti mphunzitsi angathe kugwira ntchito iliyonse. Mawuwa ndi okoma, koma olemba anthu ntchito sawagwiritsa ntchito. Iwo amakhala ndi mpando umodzi, mndandanda wa zimene munthu wa pampandowo azichita, ndi mulu wa makalata. Amafuna munthu amene anachitapo zinthu zomwezo ndipo angathe kuonetsa umboni. Kuimirira kutsogolo kwa ana 120 a Sitandade 2 n'kuwakhazika chete ndi luso lalikulu, koma pa mndandandawo simudzalipeza. Chimene chimapezekapo ndi ntchito zija mumachita pambali pa kuphunzitsa, zimene mwina mumaziona ngati zotopetsa chabe.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi ndi kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze mayi wa zaka 34, amene ali ndi MSCE ndi satifiketi ya uphunzitsi ya IPTE, ndipo waphunzitsa zaka zisanu ndi zinayi pa sukulu ya pulayimale cha ku Namwera. Amalankhula Chiyao bwino lomwe. Kwa zaka zitatu ndiye wakhala akudzaza mafomu a kalembera wa sukulu opita kwa a PEA, alangizi a maphunziro a pa zoni. Amathandiza komiti ya sukulu kusunga malisiti a ndalama za SIG zimene boma limapereka zotukulira sukulu. Ndiyenso amakhala pakati pa sukulu ndi gulu la amayi lija limatsata atsikana osiya sukulu. Anagwirapo ntchito ya chisankho pa malo oponyera voti. Kompyuta amaidziwa pang'ono, foni amaidziwa bwino.

Mukam'funsa luso lake, iye adzati ndi mphunzitsi basi. Koma pa zimene tatchulazi pali maluso anayi osiyana, ndipo lililonse lili ndi msika wake: kutolera ndi kusunga ziwerengero, kuyendetsa misonkhano ya anthu akuluakulu kumudzi, kusunga ndalama za gulu motsata malamulo, ndi chilankhulo. Funso tsopano ndi lakuti ndi khomo liti muno mu Mangochi limene limatseguka ndi makiyi amenewa, limafuna pepala lanji lowonjezera, ndipo ntchito yake imakhalitsa bwanji.

Ntchito ya kafukufuku: khomo lapafupi, koma si nyumba yokhalamo

Mangochi ndi boma limene ochita kafukufuku amabwerako kawirikawiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma lino, ndipo nkhani za malungo, likodzo, kunyentchera kwa ana, mimba za atsikana ndi usodzi zimakoka anthu ofufuza chaka ndi chaka. Sukulu ya zaumoyo ya KUHeS ili ndi nthambi ku boma, ndipo dera la Lungwena lakhala malo a kafukufuku wa zaumoyo wa amayi ndi ana kwa zaka zambiri. Onsewa amafuna anthu oyenda khomo ndi khomo ndi tabuleti. M'zolengeza ntchito mudzaona alemba `Enumerator`, `Data Collector` kapena `Research Assistant`.

Apa mayi wathu ali ndi mwayi weniweni, ndipo mwayiwo ndi Chiyao. Ofunsira ntchito ambiri ochokera ku Zomba ndi ku Blantyre amabwera ndi madigiri, koma akafika ku Makanjira kapena ku Katuli sangathe kufunsa gogo funso lokhudza uchembere popanda womasulira. Kungoti samalani: kulankhula Chiyao ndi kwina, kumasulira funso lolembedwa m'Chingerezi popanda kulipotoza ndi kwinanso. Pa intavyu akhoza kukupatsani ndime ya fomu yopempha chilolezo cha wofunsidwa n'kukuuzani kuti muinene m'Chiyao pomwepo. Aphunzitsi amagwa pa chinthu chimodzi chimene ndi chizolowezi chabwino m'kalasi: kuthandiza munthu kupeza yankho. Wofunsidwa akazengereza, mphunzitsi amayamba kum'tsogolera, "mwina mukutanthauza kuti…". Pa kafukufuku kumeneko ndi kuononga yankho, ndipo oyang'anira amazindikira msanga chifukwa mafomu a munthu mmodziyo amayamba kufanana mayankho.

Chida chake sichovuta. Mapulogalamu ofala ndi `KoboCollect`, `ODK Collect` ndi `SurveyCTO`, ndipo onse amagwira ntchito mofanana: mumatsitsa fomu, mumadzaza popanda netiweki, mumatumiza mukafika pamene pali netiweki. `KoboCollect` ndi yaulere, ndipo munthu akhoza kutsegula akaunti pa webusayiti ya KoboToolbox, kupanga fomu yake ya mafunso khumi, n'kuyesera pa aphunzitsi anzake Loweruka limodzi. Akatero angathe kulemba moona mtima kuti anaigwiritsapo ntchito.

Vuto la njirayi ndi lodziwika. Ntchito zambiri zimakhala za masabata awiri mpaka asanu ndi atatu, malipiro ake ndi a patsiku, ndipo ikatha yatha. Amene angasiye ntchito ya boma chifukwa cha ntchito ya masabata asanu ndi limodzi walakwitsa masamu. Phindu lake ndi lina: imalowa bwino mu holide yaitali ya mu Ogasiti, imakupatsani mzere woyamba pa sivi umene suli wa sukulu, ndiponso imakupatsani munthu wa kunja kwa maphunziro amene angakuchitireni umboni. Musabise. Dziwitsani ahedi ndi a PEA, chifukwa wogwira ntchito m'boma amene wasowa pa sukulu temu itayamba amaonedwa ngati wathawa ntchito, ndipo kalata imeneyo imakhala mu fayilo yanu.

Ntchito ya m'mabungwe omwe si aboma

Iyi ndi njira imene aphunzitsi ambiri amalota, ndipo pa chifukwa chomveka: ndi imene imagula luso lawo lochuluka pa nthawi imodzi. Ntchito zake zimalengezedwa ngati `Field Officer`, `Project Officer` kapena `Community Facilitator`. Mabungwe ngati CAMFED ndi YONECO akhala akugwira ntchito za atsikana ndi achinyamata m'boma lino, ndipo dziko la Iceland lakhala likuthandiza Mangochi pa zaumoyo, madzi ndi maphunziro kudzera ku khonsolo. Mapulojekiti amabwera ndi kupita, koma mtundu wa ntchito susintha kwenikweni.

Tsiku la munthu wa ntchitoyi limaoneka chonchi. Amapita kwa a gulupu kukapempha msonkhano, amakumana ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, amaphunzitsa anthu ongodzipereka makumi atatu pansi pa mtengo kapena pa TDC, malo okumanirana aphunzitsi a pa zoni, amawasainitsa pa pepala la alawansi, amabwerera ku ofesi kukalemba lipoti ndi kubweza malisiti a ndalama iliyonse imene anatenga. Mukayang'ana bwino, mayi wathu wachitapo zonsezi, kungoti pa dzina lina. Sikimu ya ntchito ya pa temu ndi pulani ya ntchito ya miyezi itatu. Rejisitala ndi kaundula wa opindula. Kutsata mtsikana amene wasiya sukulu mpaka kwa makolo ake, kulankhula ndi a mfumu ndi a shehe, n'kumubweza m'kalasi, ndiyo ntchito yeniyeni imene pulojekiti ya atsikana imalipira munthu kuti achite.

Chimene chimagwetsa aphunzitsi pano si kusowa luso koma kalembedwe ka sivi. Ambiri amalemba kuti amaphunzitsa Chichewa ndi masamu, amakonza mayeso, amasunga mwambo m'kalasi. Wowerengayo amangoona mphunzitsi n'kuika pambali. Mayi wathu ayenera kulemba zimene anachita, ndi anthu angati, ndipo chinatuluka n'chiyani. Mwachitsanzo, kuti kwa zaka zitatu anatolera ndi kutsimikiza ziwerengero za ophunzira onse a pa sukulu yake n'kuzipereka ku zoni pa nthawi yake. Kuti anayendetsa misonkhano ya mwezi ndi mwezi ya gulu la amayi khumi. Kuti mwa atsikana amene anasiya sukulu m'zaka ziwiri, angapo anabwerera, ndipo atchule nambala yeniyeni yochokera mu rejisitala. Nambalayo ikhale yoona. Pa intavyu amakonda kutola mzere umodzi wotere n'kufunsa kuti "tatiuzani za mtsikana mmodzi amene sanabwerere, chinavuta n'chiyani?" Amene anangopeka amatsamwa pomwepo.

Pali zipata ziwiri zimene muyenera kuzidziwa musanayambe kutumiza makalata. Choyamba ndi pepala. Ntchito za otsogolera magulu kumudzi nthawi zina zimalandira MSCE ndi satifiketi, koma za ofesala zambiri zimafuna dipuloma kapena digiri ya maphunziro, chitukuko cha m'midzi kapena chisamaliro cha anthu. Satifiketi ya IPTE payokha kawirikawiri imathera pa sefa yoyamba, munthu asanawerenge n'komwe za gulu la amayi lija. Ndiye mayi wathu ali ndi zosankha ziwiri: kufunsira ntchito zapansi zimene malipiro ake mwina sangapose a uphunzitsi, kapena kutenga dipuloma akadali pa ntchito. Koleji ya Magomero ku Chiradzulu ndi yodziwika pa maphunziro a chitukuko cha m'midzi ndi chisamaliro cha anthu, ndipo ku boma kuno kuli yunivesite ya DMI St John the Baptist. Kulikonse kumene mungasankhe, fufuzani kaye ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi mabungwe oyang'anira maphunziro a NCHE kapena TEVETA, chifukwa dipuloma yosavomerezeka imathera pa sefa yomwe ija.

Chipata chachiwiri ndi njinga yamoto. Zolengeza zambiri za ntchito za kumudzi zimafuna laisensi yake, ndipo sizichita kukongoletsa pepala: amene anayendapo msewu wa ku Makanjira nthawi ya mvula akudziwa chifukwa chake. Amayi ambiri amadzichotsa okha pa mpikisano chifukwa cha mzere umenewu, chonsecho mabungwe a ntchito za atsikana amafunitsitsa amayi. Pa zinthu zonse zimene mphunzitsi angawonjezere, laisensi ya njinga ndi imene imatenga nthawi yochepa n'kutsegula makomo ambiri.

Masamu a kontirakiti

Malipiro a m'mabungwe amaoneka aakulu pa pepala, ndipo apa ndi pamene anthu amapunthwa. Tiyeni tiwerengere ndi nambala zongoyerekeza. Inu muikepo zanu zenizeni kuchokera pa peyisilipi.

Tinene kuti mayi wathu amapita kunyumba ndi K300,000 pa mwezi, ndipo amakhala m'nyumba ya sukulu imene lendi yake ndi yochepa kwambiri. Pa miyezi 24 amalandira K7,200,000, mwezi uliwonse osaphonya, ngakhale tsiku lake litachedwa. Bungwe lamupatsa kontirakiti ya miyezi 12 ya K520,000 pa mwezi atadula msonkho. Ofesi ili ku boma, choncho ayenera kuchita lendi, tinene K60,000 pa mwezi kuposa imene amalipira pano, ndipo lendiyo sileka kontirakiti ikatha. Pa miyezi 24 ndi K1,440,000.

Ngati kontirakiti yatha, n'kukhala miyezi isanu ndi umodzi osapeza ina, kenako n'kugwiranso miyezi isanu ndi umodzi pa malipiro omwewo, wagwira miyezi 18 ndipo walandira K9,360,000. Kuchotsapo lendi patsala K7,920,000. Waposa uphunzitsi ndi K720,000 pa zaka ziwiri, kutanthauza K30,000 pa mwezi. Koma ngati mpata uja wakula kufika miyezi isanu ndi itatu, walandira K8,320,000, kuchotsa lendi patsala K6,880,000, ndipo watsika kuposa mnzake amene anatsala ndi choko. Pa nambala zimenezi ayenera kugwira ntchito miyezi 17 mwa 24 kuti asaluze. Limeneli ndilo funso loti mudzifunse, osati kuti malipiro ndi angati: kodi pa zaka ziwiri zikubwerazi ndikhala pa ntchito miyezi ingati?

Yankho lake lina lili m'manja mwa olemba ntchitowo, ndipo n'kololedwa kufunsa. Pulojekiti inayamba liti, ndipo ndalama za opereka thandizo zikutha liti? Kontirakiti ya chaka chimodzi mu pulojekiti ya zaka zisanu imene yangoyamba ndi yosiyana kutalitali ndi kontirakiti yomweyo mu chaka chomaliza. Amene anali m'mabungwe kumayambiriro kwa 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID, anaona kuti ngakhale pulojekiti yapakati ikhoza kuima ndi kalata imodzi. Dziwaninso kuti kontirakiti ya nthawi yoikika ikangofika pa tsiku lake lomaliza, lamulo la ntchito siliona ngati mwachotsedwa, choncho musadalire ndalama ya chipukuta misozi pokhapokha kontirakitiyo itatchula ndalama ya pomaliza. Lamulo lomwelo limalola nthawi yoyesedwa, imene mukhoza kuuzidwa kuti basi popanda mwambo wautali.

Pali zinthu ziwiri zimene sizinalowe m'masamuwa. Choyamba ndi ngongole. Aphunzitsi ambiri ali ndi ngongole imene imadulidwa pa malipiro asanafike ku banki. Mukachoka m'boma kudulako kumatha, koma ngongole siitha, ndipo obwereketsa ena amafuna yonse pakamodzi. Werengani pangano lanu musanalembe kalata yosiya ntchito. Chachiwiri ndi penshoni, ndipo apa zaka zanu zimasintha yankho lonse. Ogwira ntchito m'boma achinyamata anaikidwa pa penshoni yosonkha mwezi ndi mwezi, imene ndalama zake zimakhala pa dzina la munthu ndipo zimatha kumutsatira kwa bwana wina. Akuluakulu amene anatsala pa dongosolo lakale amawerengeredwa zaka zimene agwira, ndipo kusiya ntchito usanakwanitse zaka 20 zopumira mwa kufuna kwako ndi kutaya chinthu chachikulu. Mphunzitsi wa zaka 17 pa ntchito amene ali pa dongosolo lakale ndingamuuze kuti apirire zitatu zatsalazo akuphunzira. Kwa mayi wathu wa zaka zisanu ndi zinayi nkhaniyi si yolemera chotero, komabe apite ku ofesi yoona za anthu ogwira ntchito ku khonsolo akamuuze dongosolo limene ali, ndipo afunsenso ngati angaloledwe tchuthi chosalipidwa. Yankho alilandire pa pepala.

Kuwerengera ndalama: njira yapang'onopang'ono

Njira iyi anthu saikamba kawirikawiri chifukwa ilibe chikoka, koma ine ndimaiona kuti ndi yolimba kuposa zonse kwa munthu amene masamu samuopsa. Ubwino wake ndi wakuti wowerengera ndalama samangika ku pulojekiti imodzi. Khonsolo imamufuna, zipatala za mishoni ngati ya Malindi zimamufuna, maloji a m'mbali mwa nyanja, ma SACCO, masukulu a pulayiveti, mabungwe omwe aja, onse ali ndi munthu wosunga mabuku. Pulojekiti ikatha, luso lake silitha nayo.

Kuipa kwake n'kwakuti pano luso la uphunzitsi limangokufikitsani pakhomo. Kusunga malisiti a SIG kwamuphunzitsa mayi wathu zinthu zenizeni: kutenga makotesheni atatu asanagule, kusainitsa anthu oposa mmodzi, kufananitsa zimene banki ikunena ndi zimene zili m'kope. Zimenezi ndi zabwino kuzifotokoza pa intavyu. Koma palibe amene angamulembe ntchito ya `Accounts Assistant` popanda pepala, ndipo pepala lodziwika muno ndi la bungwe la owerengera ndalama la ICAM, limene limayambira pa satifiketi n'kupita pa dipuloma. Mayeso ake munthu amatha kuwakonzekera ali pa ntchito, phunziro ndi phunziro, koma ndi nkhani ya zaka osati miyezi, ndipo amene akukhala ku Namwera kopanda anzake ophunzira nawo ayenera kukhala wodziletsa kwambiri. Pamafunikanso `Excel` weniweni, osati wongodziwa kutsegula. Njira yosavuta yodziyesera ndi kutenga mamaliki a kalasi yanu n'kuwaika mu tebulo limene limadziwonkhetsa lokha ndi `SUM`, limapeza pakati ndi `AVERAGE`, n'kuwerenga amene akhoza ndi `COUNTIF`. Ngati ntchito imeneyi yakusangalatsani, njirayi ndi yanu. Ngati yakupweteketsani mutu, musadzikakamize zaka zitatu.

Pafupi ndi njirayi pali ntchito ya ofesala wa ngongole m'mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono. Kulowa kwake n'kosavuta kwenikweni, ndipo kuphunzitsa magulu a amayi a banki m'khonde kapena ogulitsa usipa za kabwezedwe ndi ntchito imene mphunzitsi amaichita bwino. Koma theka lina la ntchitoyo ndi kutolera ngongole, ndipo amakuyezani ndi kuchuluka kwa ndalama zimene zabwerera. M'midzi ya asodzi kabwezedwe kamatsata nyanja: nyengo yotseka usodzi ikayamba cha mu Novembala, kapena mwera ukakula, ndalama zimasowa, koma nambala imene abwana akufuna siisintha. Amene wazolowera kupatsidwa ulemu wa "aphunzitsi" m'mudzi adzifunse ngati angapirire kuti anthu omwewo azitseka chitseko akamuona.

Maloji ndi zaumoyo

Ziwirizi ndaziika pamodzi chifukwa zimakopa anthu a ku Mangochi pa chifukwa chimodzi, kuti zili pafupi, koma zonse sizigula kwenikweni luso la mphunzitsi.

Kuchokera ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear kuli malo ogona alendo ambiri, ndipo Chingerezi chabwino ndi ulemu zimathandiza pa malo olandirira alendo. Koma mahotela aakulu amakonda anthu a mapepala a za mahotela, ndipo maloji ang'onoang'ono amalipira pang'ono, amagwiritsa ntchito usiku ndi pa zikondwerero, komanso alendo akachepa amachepetsa antchito. Mphunzitsi wa zaka zisanu ndi zinayi akalowa kumeneko amayambira pansi, pamodzi ndi mwana amene anamuphunzitsa yekha. Pokhapokha ngati akulowera ku mbali ya mabuku a ndalama kapena ya misonkhano, sindiona phindu.

Zaumoyo ndi nkhani ina. Unamwino ndi udokotala wothandizira ndi ntchito zolimba, koma kumeneko sikusintha ntchito ndi luso lakale, ndi kuyambiranso sukulu. Pamafunika makirediti a sayansi pa MSCE, zaka zingapo za maphunziro a tsiku lonse, ndi kulembetsa ku khonsolo ya anamwino kapena ya madokotala. Zaka zanu zonse za m'kalasi sizichotsapo ngakhale temu imodzi. Kwa mphunzitsi wa zaka 25 amene alibe ana ndipo anakhoza bwino sayansi, n'zotheka. Kwa mayi wathu, amene akulipira fizi ya ena, ayi. Mbali ya zaumoyo imene ingamulandire ndi yophunzitsa anthu kumudzi za ukhondo, kadyedwe kapena malungo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya m'mabungwe imene takamba kale.

Nanga mayi wathu achite chiyani?

Tikaziika pamodzi, kafukufuku amamulandira lero koma samusunga. Mabungwe amagula luso lake lochuluka, koma amafuna dipuloma ndi laisensi, ndipo amamupatsa chaka chimodzi chimodzi. Kuwerengera ndalama kumagula pang'ono pa zimene ali nazo, kumatenga nthawi, koma kukatheka kumakhalitsa. Popeza mphamvu yake ili pa anthu ndi pa Chiyao kuposa pa manambala, ine ndingamulozere ku mabungwe, koma osati chaka chino. Mapanga awiri avumbwitsa, inde, koma pano phanga lachiwirilo silinakumbidwe n'komwe.

Chaka choyamba akhalebe pa sukulu. Temu yoyamba atolere umboni: akopere nambala za mu rejisitala, apemphe ahedi ndi wapampando wa komiti kalata yonena ntchito zimene wakhala akuchita, asunge makope a maminitsi a gulu la amayi amene analemba yekha. Zinthu zimenezi zimavuta kuzipeza munthu atachoka, makamaka ahedi akasinthidwa. Nthawi yomweyo ayambe kusunga zolengeza ntchito za mu Mangochi, za m'nyuzipepala ya Nation ndi Daily Times, za pa bolodi la ku khonsolo, ndi zoyenda pa WhatsApp, ngakhale sakufunsira. Akafika pa zolengeza makumi awiri, aziyale n'kuwerenga kuti ndi zingati zikufuna dipuloma, zingati laisensi, zingati Chiyao, zingati `Excel`. Pamenepo adziwa chimene msika wa kuno ukufuna, osati chimene mlamu wake wa ku Lilongwe akuganiza, ndipo ndalama ya sukulu aiika pa pepala loyenera. Ndaonapo anthu akulipira dipuloma imene palibe cholengeza chilichonse cha kuno chinaitchulapo.

Temu yachiwiri atenge laisensi ya njinga. Mu Ogasiti agwire kafukufuku mmodzi. Dipuloma iziyenda pa holide kapena Loweruka. Akayamba kufunsira, ayambe ndi mapulojekiti a maphunziro ndi a atsikana, chifukwa kumeneko zaka zake za m'kalasi zimawerengedwa ngati zaka za ntchito, ndipo kudziwa PEA, TDC ndi komiti ya sukulu ndi chuma chimene wobwera ndi digiri yatsopano alibe. Akakhala zaka ziwiri m'pulojekiti yotere, sivi yake imaleka kukhala ya mphunzitsi, ndipo kupita ku pulojekiti ya madzi kapena ya ulimi kumaphweka.

Pali njira yodziwira ngati zikuyenda. Akatumiza makalata khumi oyenerera bwino osaitanidwa ngakhale kamodzi, vuto lili pa pepala kapena pa sivi, ndipo kutumiza ena khumi ofanana sikuthandiza. Akamaitanidwa koma osatengedwa, pepala lakwana, vuto lili m'chipinda cha intavyu, ndipo kawirikawiri limakhala lakuti akuyankha ngati akuphunzitsa, kufotokoza mmene zinthu ziyenera kukhalira m'malo monena chimene iye anachita. Funso lina limene sadzalephera kufunsidwa ndi lakuti n'chifukwa chiyani akusiya uphunzitsi. Akayamba kudandaula za malipiro ndi kuchuluka kwa ana, ngakhale zili zoona, ofunsawo amamva munthu wothawa. Anene za ntchito ya gulu la amayi ndi kuti akufuna kuichita m'masukulu makumi awiri m'malo mwa imodzi.

Ndipo aliyense amene angakuimbireni foni kuti mwasankhidwa, tumizani ndalama ya fomu kapena ya yunifolomu pa Airtel Money kapena Mpamba, ndi wakuba. Amakonda aphunzitsi chifukwa amadziwa tsiku limene amalandira. Kalata yosiya ntchito ilembedwe pokhapokha kontirakiti yosainidwa ili m'manja, tsiku loyambira likudziwika, ndipo mwaona ndi maso ofesi imene mukakhale. Perekani notisi yonse imene malamulo a ntchito yanu akufuna, kudzera kwa ahedi, ndipo musunge kope yodindidwa, chifukwa ikadzafika nkhani ya penshoni kapena yofuna kubwerera m'boma, adzafunsa kaye kuti munachoka bwanji.